Ngongole zitatu: tiyambe kubweza iti?

Kuno ku Mualadzi, ndalama za fodya zikangofika, okongoza onse amafikanso. Tiyerekeze kuti mwagwira mametikali 3,000, koma ngongole zilipo zitatu. Kugolosale kuli 500, yopanda chiwongoladzanja. Kugulu losunga ndalama kuli 2,000, imabereka 200 pamwezi. Kwa akatapila kuli 3,000, imabereka 900 pamwezi.

Ambiri amayamba ndi zazing'ono. Mukatero mutseka ya kugolosale ndi ya kugulu, 500 yotsala n'kupereka kwa akatapila. Mtima upepukadi, poti anthu awiri asiya kukulonjererani. Koma 2,500 yotsala kwa akatapila ija izibereka 750 mwezi uliwonse.

Nanga mukapereka 3,000 yonseyo kwa akatapila? Ngongole yotsala ndi 2,500 yomweyo, koma izibereka 200 basi. Mwapulumutsa 550 pamwezi.

Ine ndingasankhe njira yachiwiriyi. Komabe musangokhala chete. Kauzeni eni golosale tsiku lomwe mudzabweze, angaleke kukukongozani mchere ndi sopo. Kugulu nako pitirizani kupereka 200 ija, ndipo funsani tsiku logawana ndalama, chifukwa ngongole iyenera kutha tsikulo lisanakwane.