Mlendo akakalipa kuti chakudya cha paukwati chazizira

Pamadyerero a ukwati wa anthu 300, mbale imodzi yozizira ingathe kusokoneza holo yonse. Mlendo akakweza mawu, a patebulo loyandikana nawo amayamba kugwiragwira nsima yawo, ndipo posakhalitsa madandaulo amafika kwa mkwati ndi mkwatibwi. Ntchito ya woperekera chakudya ndi kuzimitsa motowo usadachoke patebulo pomwe wayambira.

Tiyerekeze kuti ophika adapakula 12 koloko masana, koma akwati adachedwa kojambulitsa zithunzi. Mbale ya atsibweni a mkwatibwi yafika nthawi itakwana hafu pasiti wanu. Mafuta agwirana pamwamba pa msuzi wa nkhuku ndipo mtanda wa nsima wauma khungu. Bamboyo akukankha mbale n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi ndayenda ulendo wonsewu kudzadya mkute?"

Funso limeneli likuulula pomwe pagona mkwiyo. Njala ilipo ndithu, koma chawawa kwambiri n'chakuti munthu wamkulu pabanja akuona ngati wapeputsidwa pamaso pa anthu. N'chifukwa chake woperekera wodziwa ntchito amayamba wabweza ulemu, chakudya n'kubwera pambuyo.

Iye amafika pambali pa mlendoyo n'kugwada kapena kunjuta, kuti asayankhule ataimirira pamwamba pa wamkulu. Amawasiya amalize mawu awo osawadula. Kenaka amayankha motsitsa mawu kuti, "Pepani bambo, mwanenadi zoona, chakudyachi chazizira. Ndiloleni ndichotse, ndibwera ndi chotentha pasadathe mphindi 10." Mbaleyo amaichotsa nthawi yomweyo ndi manja awiri, chifukwa ikakhalabe pomwepo mlendo amangoiloza ndi kuionetsa anzake.

Ambiri amalakwitsa poyamba kufotokoza. Kunena kuti akwati ndiwo achedwa, kapena kuti aliyense walandira chomwecho, n'kuuza mlendoyo kuti akudandaula zachabe. Kukhudza chakudyacho kuti atsimikize ngati chaziziradi n'koipa koposa, pakuti n'chimodzimodzi kumunena kuti ndi wabodza.

Nthawi yomwe yalonjezedwa iyenera kukhala yotheka. Ngati mbaula ili ndi moto ndipo madzi ndi otentha kale, nsima ya munthu mmodzi kapena awiri imapsa m'mphindi 10 mpaka 15. Choncho woperekera akapeza kuti mumphika mulibe yotentha, abwerere msanga kukanena kuti akuphika yatsopano, ndipo asiye chakumwa patebulopo. Mlendo wouzidwa zoona amadikira, koma wolonjezedwa mphindi 5 n'kukhala theka la ola amakwiya kawiri.

Kukhitchini nako kuli malamulo ake. Kuthira msuzi wotentha pamwamba pa nthuli yozizira ndi chinyengo chomwe chimaululika mlendo akangoluma. Ndiwo ziyenera kubwerera pamoto mpaka msuzi uwire ndipo nthuli itenthe mpaka mkati. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo chodikira kuperekedwa chisungidwe chotentha kuposa madigiri 60. Mbale ya atsibweni aja yakhala ola limodzi ndi theka, motero nkhukuyo ingatenthetsedwe. Ikadapitirira maola awiri, makamaka nyengo yotentha ya mwezi wa Okutobala, ikadayenera kusiyidwa. Mpunga ndiye wofunika kusamala nawo kwambiri, chifukwa ukakhalitsa poyera tizilombo tina timasiyamo poizoni yemwe satha ngakhale mpungawo utatenthetsedwanso.

Chakudya chatsopano chibwere m'mbale ina yoyera, ndipo achibweretse yemwe adalonjeza uja. Asachoke asadafunse ena a patebulopo ngati chawo chili bwino, popeza mbale zopakulidwa nthawi imodzi zimazizira pamodzi.

Pali malire pa zomwe woperekera angathe. Mlendo akalandira chotentha koma n'kuyamba kukamba za mpando womwe adamuika, kapena kuti akuchimuna adayamba kudya akuchikazi akuyang'ana, ndiye kuti nkhani yasiya mbale yalowa m'banja. Apa woperekera asayankhe kanthu, akaitane mwakachetechete ankhoswe a mbali ya mlendoyo kuti akakambirane panja. N'chimodzimodzinso mlendo akakhala kuti walawa mowa. Akwati asauzidwe tsikulo, ndipo mwinimpando asatchule nkhaniyo pachimkuzamawu ngakhale mwanthabwala.

Mlendo mmodzi akadandaula, wamkulu wa zophika aimitse kupakula m'mbale zambiri nthawi imodzi. Chakudya chikhale m'mapoto ovundikira pamakala ochepa, ndipo chipakulidwe tebulo limodzilimodzi anthu atakhala kale pansi ndi kusamba m'manja. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri alandire nthawi yofanana.