Katundu akasweka panyanja, aluza ndani?

Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Limbe waitanitsa kontena ya matayilosi ku Mumbai pa mtengo wa madola 20,000, ndipo pa invoyisi palembedwa kuti CIF Beira Incoterms 2020. Ambiri akaona dzina la Beira amakhazikika mtima, poganiza kuti katunduyo ali m'manja mwa wogulitsa mpaka afike padoko limenelo. Pamenepo ndi pomwe anthu amapsera zala.

Zilembo zitatuzo ndi limodzi mwa malamulo 11 a bungwe la amalonda la ICC, lomwe likulu lake lili ku Paris. Anayamba kutuluka mu 1936, ndipo atsopano ndi a 2020. Lamulo lililonse limayankha mafunso awiri: ndani alipire ulendo wa katundu, nanga katunduyo akawonongeka panjira aluza ndani. Vuto ndi lakuti mayankho awiriwa sakumana pamalo amodzi nthawi zonse.

Malamulo anayi ndi a pamadzi pokha: FAS, FOB, CFR ndi CIF. Pa FOB, wogulitsa akakweza katundu m'sitima ntchito yake yatha, ndipo wogula amalipira sitimayo yekha. Pa CIF, wogulitsa amalipira sitima ndi inshulansi mpaka ku Beira, koma tsoka limasamukira kwa wogula pomwe katundu wakwezedwa m'sitima ku Mumbai konko. Choncho matayilosi akasweka pakati pa nyanja, wa ku Limbe uja ayenera kulipirabe madola 20,000 onse, kenako akadandaule yekha ku kampani ya inshulansi.

Nayo inshulansiyo muiyang'anitsitse. Lamulo limati ikhale ya mtengo wa katundu kuonjezapo 10 pa 100 iliyonse, kutanthauza madola 22,000, ndipo zikumveka bwino. Koma CIF imangokakamiza wogulitsa kugula inshulansi yotsikitsitsa, ya gulu C. Imeneyi imalipira pa ngozi zikuluzikulu monga moto, kumira kwa sitima kapena kuwombana kwake ndi ina. Kuba, kunyowa ndi mvula, kapena kusweka chifukwa chogwedezeka sizilimo. Wogula matayilosi, katundu wosachedwa kuthetheka, akufunika ya gulu A, ndipo aipemphe asanasaine mgwirizano.

Ndiye pali msewu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, kotero kontena ikatsika ku Beira ulendo ukadalipo: thiraki idutse ku Tete, ilowe pa chipata cha Mwanza, ikafike ku Blantyre. Pa CIF zonsezi ndi za wogula, kuphatikizapo ndalama zomwe adoko ndi eni kontena amalipiritsa katundu akachedwa kuchotsedwa. Udindo wa wogulitsa pa inshulansi nawonso umathera padoko.

Tsopano invoyisi yomweyo ilembedwe DAP Blantyre. Apa mafunso awiri aja akumana pamalo amodzi. Wogulitsa amalipira sitima, thiraki ndi mapepala odutsira m'dziko la Mozambique, ndipo thiraki ikagubuduzika ku Tete waluza ndi iye. Tsoka limafika kwa wogula pokhapokha galimoto itaima pamalo omwe anagwirizana, katundu asanatsitsidwe. Za wogula ndi ziwiri: kuwombola katundu ku MRA, msonkho ndi mapepala ake, ndiponso kumutsitsa. Akachedwa ndi mapepalawo thiraki n'kugona pa Mwanza, ndalama za kuchedwako ndi zake. Mtengo wa DAP umaoneka wokwera, inde, koma pouyerekeza ndi wa CIF muyambe mwaonkhetsa thiraki, zolipira padoko ndi inshulansi ya pamsewu.

Abale ake a DAP ndi awiri. Pa DPU wogulitsa amatsitsanso katundu. Pa DDP amalipira ngakhale msonkho wolowetsera katundu m'dziko. DDP imakoma m'makutu, koma ine sindiikhulupirira kwenikweni, chifukwa kampani ya ku India yosalembetsedwa kuno imavutika kuwombola katundu m'dzina lake, ndipo kontena imatha kukhala pachipata aliyense akuloza mnzake.

Mukaona invoyisi yolembedwa CIF Lilongwe, dziwani kuti woilembayo wasokoneza, pakuti ku Lilongwe sikufika sitima yapamadzi. Lamulo loyenera pamenepo ndi CIP, lomwe limalola ulendo wa sitima ndi thiraki pamodzi, ndipo kuyambira 2020 limafuna inshulansi ya gulu A. Komabe nalonso limasamutsira tsoka kwa wogula koyambirira kwa ulendo, katundu akangoperekedwa kwa wonyamula woyamba. Ngati mukufuna kuti wogulitsa asenze tsoka mpaka pakhomo panu, pemphani lamulo loyamba ndi D, ndipo mulembe adiresi yonse ya nyumba yosungiramo katundu, osati dzina la mzinda lokha.