Kubwezera tsitsi pa chithunzi popanda kusokoneza kuwala

Mwa madandaulo amene ojambula zithunzi za ukwati ndi chinkhoswe amalandira, limodzi limabwera motsitsa mawu: "Pamutupa simungapakonzeko pang'ono?" Nthawi zina ndi bambo amene dazi layamba kuonekera pa liwombo. Kawirikawiri ndi mayi amene tsitsi la m'mbali mwa chipumi linasosoka chifukwa cholukitsa mokoka kwambiri kwa zaka zambiri. Pempholi ndi lomveka, pakuti chithunzicho chikakhala pakhoma moyo wonse. Koma ambiri amangotenga burashi yakuda pa kompyuta n'kudetsa pamalopo, ndipo chotsatira chake aliyense amachidziwa: chigamba chakuda bii, chopanda moyo, chimene chimakoka maso kuposa dazi lenilenilo.

Diso la munthu limazindikira tsitsi ndi zinthu ziwiri, kumene lalowera ndi mmene kuwala kwagwera pa ilo. Mtundu umabwera pambuyo. Tsitsi lililonse limatuluka pakhungu litapendekera mbali ina yake. Pa liwombo limazungulira kuchokera pa kadontho kamodzi, m'mbali limatsetserekera kukhutu, ndipo likapesedwa limatsata chipeso. Tsitsi lowongoka likawalidwa, kunyezimira kwake kumapanga lamba wopingasa, wodutsa mopingasa tsitsilo osati molitsata. Lamba ameneyu akaduka kapena kukhota pamalo pamene mwakonza, woona amadziwa kuti pali china chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula.

Titenge chithunzi chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Mkwatibwi wajambulidwa kuyambira m'mapewa kupita kumutu, ali pafupi ndi zenera lomwe lili kumanzere kwa chithunzi. Tsitsi lake ndi lowongoledwa, lapesedwa kupita kumbuyo n'kumangidwa kunkhongo. Kumbali yazenera, pamwamba pa khutu, pali malo aakulu ngati zala ziwiri pamene tsitsi ndi lapatalipatali ndipo khungu likunyezimira. Pulogalamu yake ndi Photoshop, ngakhale mbali zambiri za njirayi zimathekanso mu GIMP, imene ndi yaulere.

Ntchito yoyamba si ya tsitsi ayi. Ndi ya khungu. Chimene chimaonetsa dazi pa chithunzi ndi kuwala kumene khungu losalala, lamafuta, limabweza ku kamera. Pansi pa tsitsi lochuluka khungu limakhala mumthunzi, choncho musanaikepo tsitsi muyenera kupanga mthunziwo. Tsegulani `Curves`, kokerani mzere wake pansi pang'ono kuti chithunzi chide, kenako sandutsani masiki yake kukhala yakuda ndi `Ctrl+I`. Masiki yakuda imabisa kusinthako paliponse. Tsopano ndi burashi yoyera, yofewa, `Flow` ili pa 3 kapena 5 peresenti, pakani pa khungu lonyezimiralo pang'onopang'ono mpaka lifanane ndi khungu limene likuonekera pakati pa tsitsi lochuluka chapafupi. Musalidetse kufika pa mtundu wa tsitsi. Pa zithunzi zambiri sitepe iyi yokha imachotsa gawo lalikulu la vutolo, ndipo tsitsi lochepa limene linalipo kale limaoneka lokwanira.

Kenako pamabwera funso lalikulu: tsitsi lokwirira pamalopo lichokere kuti? Yankho labwino ndi lakuti lichokere pamutu womwewo, pa chithunzi chomwecho, kumbali yomweyo ya kuwala. Pano m'pamene ambiri amagwa. Amaona kuti mbali ina ya mutu ili ndi tsitsi lodzadza, amalikopa, n'kulitembenuza ngati pagalasi. Kumene tsitsi lalowera kumakhala kolondola ndithu, koma mbali imeneyo inali mumthunzi, ndipo kuwala kochepa kumene inali nako tsopano kukuchokera kumanja pamene zenera lili kumanzere. Ine ndimakonda kutenga tsitsi limene lili masentimita awiri kapena atatu kumbuyo kwa malo osowawo, ngakhale litapendekera mosiyana pang'ono, chifukwa kupendekera kumakonzeka mosavuta kuposa kuwala.

Chida chake ndi `Clone Stamp`, chimene chimakopa mbali ina ya chithunzi n'kuiika pena. Pangani leya yatsopano yopanda kanthu pamwamba pa chithunzi, kuti zonse zimene mukuchita zithe kufufutika osakhudza chithunzi chenicheni, ndipo pa `Sample` musankhe `Current & Below`. Gwirani `Alt` n'kudina pa tsitsi labwino. Musanayambe kupaka, tsegulani `Clone Source`. M'menemo muli kabokosi kolembamo madigiri, ndipo ndi kameneko kamene kamasiyanitsa ntchito yabwino ndi yachabe. Tinene kuti tsitsi limene mwatengalo likupita kumbuyo molunjika, koma pamalo osowawo tsitsi lotsalalo likukwera m'mwamba ndi madigiri pafupifupi 15. Tembenuzani chokopedwacho ndi madigiri amenewo. `Show Overlay` ikakhala yoyatsa, mumaona tsitsilo m'kati mwa burashi musanadine, ndipo mutha kulizungulitsa ndi `Alt+Shift+<` kapena `Alt+Shift+>` mpaka mizere yake italumikizana ndi tsitsi limene lilipo. Mutu ndi wozungulira, choncho madigiri amenewa sakhala amodzimodzi pamalo onsewo. Mukasuntha pang'ono, tenganinso ndi kutembenuzanso.

Kapakidwe kake kamafanana ndi kufolera nyumba ndi udzu. Wofolera saponya mitolo mwachisawawa. Amayala mzere umodzi, wina n'kubwera kudzaphimba pamene woyambawo wathera, udzu wonse utaloza mbali imodzi. Nanunso yambirani kumene tsitsi ndi lochuluka, muzikoka timizere tatifupi motsata tsitsilo, mukuyandikira kuchipumi. Burashi isakhale yofewa kwambiri, ndipo `Opacity` isatsike kwambiri. Apa pali msampha: munthu amaganiza kuti kupaka mopepuka, kobwerezabwereza, n'kumene kumaoneka kwachilengedwe, koma tsitsi likasanjikizana kangapo moonekera mkati, timizere take timasungunuka n'kukhala utsi. `Hardness` ya pakati ndi `Opacity` ya 80 kapena kuposerapo zimasunga tsitsi lililonse palokha. Pa chifukwa chomwecho `Healing Brush` si yabwino pa ntchitoyi, popeza imasakaniza mtundu wa khungu ndi wa tsitsi n'kusiya m'mphepete motuwa.

Pali chinthu china chothandiza kwambiri pa tsitsi lakuda. Mukasintha leya ija kuchoka pa `Normal` kupita pa `Darken`, tsitsi lokopedwalo limangoonekera pamene pansi pali powala kuposa ilo, ndiye kuti pakhungu. Tsitsi lenileni la munthuyo limatsala losakhudzidwa, ndipo latsopanolo limangodzaza mipata. Koma `Darken` ili ndi malire ake awiri. Pa munthu wa imvi imalephera, chifukwa tsitsi loyera ndi lowala kuposa khungu, ndipo pamenepo pafunika `Lighten`. Chachiwiri, imatha kumeza kunyezimira, malo okonzedwawo n'kukhala ozimirira pakati pa tsitsi lowala.

Ndiye chifukwa chake kuwala kuyenera kubwezedwa ndi dzanja. Yang'anani lamba wonyezimira uja pa tsitsi labwino, muone pamene akanadutsa akanakhala kuti sanaduke. Pangani `Curves` ina, iyi yowalitsa, nayonso ya masiki yakuda, ndipo ndi burashi yaing'ono jambulani timizere totsata tsitsi koma tondandalikana m'njira ya lambayo. Kwa mkwatibwi wathu lambayo ayenera kuwala kwambiri kumbali yoyang'ana zenera, n'kumazilala akamakhotera kumbuyo kwa khutu. Musaiwalenso mthunzi wochepa umene tsitsi limagwetsa pakhungu pamene layambira. Popanda mthunziwo tsitsi limaoneka ngati layandama pamwamba pa mutu.

Malo ovuta kuposa onse ndi pamene tsitsi limakumana ndi chipumi. Pamutu wa munthu tsitsi limamera m'timagulu ta limodzi mpaka anayi, koma kutsogolo kwenikweni kumakhala lamodzilimodzi, lopyapyala, losatsata mzere wowongoka. Chokopa sichingapange zimenezi, muyenera kulijambula. Pa chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali chimene chatenga mutu ndi mapewa, tsitsi limodzi limakhala lalikulu ngati pikiselo imodzi kapena ziwiri, choncho burashi ikhale yomweyo. Mtundu muutenge pa tsitsi lenileni, ndipo muzisinthasintha pakati pa lakuda kwambiri, lapakati ndi lowala. Tsitsi limene timati lakuda, kamera imaliona lofiirira pena, lotuwa pena. Amene ali ndi cholembera cha pa kompyuta ayatse `Shape Dynamics` ndi `Pen Pressure` kuti tsitsi lizithera mosongoka. Lolani ena angapo apatuke panjira, monga amachitira pamutu weniweni. Ndipo khungu lizionekabe pakati pawo. Pamene mwatseka mipata yonse, mwapanga wigi.

Tsitsi lojambulidwa ndi dzanja limakhala lakuthwa ndi losalala kuposa chithunzi chochokera mu kamera. Ngati mbali imeneyo ya mutu sinali pamene kamera inalunjika bwino, lipatseni `Gaussian Blur` ya theka la pikiselo kapena pikiselo imodzi. Kenako `Add Noise` ya 1 kapena 2 peresenti, `Monochromatic` itasankhidwa, imalipatsa timadontho tofanana ndi ta chithunzi chonse.

Kwa abambo ometa tsitsi lalifupi lopotana nkhani imasintha pang'ono. Palibe timizere tatitali totsata, ndipo kuwala kumaoneka ngati timadontho tambirimbiri m'malo mwa lamba. Choopsa apa ndi kubwereza. Kagulu kamodzi ka tsitsi kakaoneka kawiri kapena katatu moyandikana, diso limakagwira msanga. Muzitenga m'malo osiyanasiyana ndi burashi yaing'ono, ndipo pa liwombo muzikumbukira kuti tsitsi limazungulira, kotero chokopedwacho chizitembenuzidwa mukamazungulira nalo.

Mudziwa bwanji ngati zatheka? Chepetsani chithunzi mpaka chikhale ngati cha pa foni, chifukwa chigamba chimene chimabisala mukachiyandikira chimatulukira patali. Chitembenuzeni ngati pagalasi kwa kanthawi, maso amene azolowera chithunzicho achione mwatsopano. Ikani `Black & White` pamwamba kwa kanthawi kuti muone ngati malowo ada kuposa tsitsi loyandikana nawo. Pomaliza zimitsani ndi kuyatsa maleya onse, muyang'ane nkhope. Ngati chipumi chafupika moti munthuyo wasintha maonekedwe, mwapitirira muyezo, ndipo tsitsani `Opacity` ya maleyawo kufika pa 70 kapena 80 peresenti.

Pali zithunzi zimene njira imeneyi singazithandize. Dazi likatenga pamwamba ponse pa mutu, palibe tsitsi lokwanira loti n'kutengapo, ndipo tsitsi la munthu wina limabwera ndi kuwala kwa kwina. Pamenepo ndi bwino kungochepetsa kunyezimira kwa khungu basi. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chitapanikizidwa, timizere ta tsitsi titafafanizika, choncho pemphani choyambirira cha mu kamera. Cha pasipoti kapena chiphaso sichikonzedwa mwanjira imeneyi. Ndipo ngati mwiniwake sanapemphe, mufunseni kaye musanakhudze tsitsi lake, makamaka pamene lathothoka chifukwa cha matenda kapena mankhwala, pakuti ena amafuna chithunzicho chiwaonetse mmene analili pa tsikulo.