Mapapo Amene Sanakonzeke: Chifukwa Chake Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane Amabanika

Kwa miyezi yonse imene mwana amakhala m'mimba mwa mayi ake, mapapo ake sagwira ntchito yopuma. Amakhala odzaza ndi madzi, ndipo madziwo amapangidwa ndi mapapo omwewo. Mpweya wa okosijeni mwanayo amaulandira kuchokera m'magazi a mayi ake kudzera mu nsengwa ndi mchombo, moti magazi ake ambiri amalambalala mapapo podutsa njira zachidule ziwiri, ina mkati mwa mtima, ina pakati pa mitsempha ikuluikulu iwiri yochokera mumtima.

Mapapo amayamba ngati kamphukira cha m'sabata yachinayi mwana atangoyamba kuumbika. Kamphukirako kamagawika pawiri, nthambizo n'kugawikanso, mpaka pofika sabata ya 16 njira zonse zikuluzikulu za mpweya zimakhala zitapangika. Koma njira zokha sizipumitsa munthu. Chofunika ndi timatumba ting'onoting'ono tokhala kumapeto kwa njirazo, momwe mpweya umakumana ndi magazi. Timatumbati timayamba kuoneka bwino cha m'sabata ya 24, khungu lake likupyapyala ndipo timitsempha ta magazi tikuyandikira. N'chifukwa chake mwana wobadwa sabata ya 22 isanakwane pafupifupi nthawi zonse sapulumuka ngakhale m'zipatala za mayiko olemera: mapapo alipo, koma malo oti mpweya ulowere m'magazi sanapangike.

Matenda akayamba, thupi la mwana limatulutsa michere yomwe imalamula mapapo kuti asiye kupanga madzi, ayambe kuwamwa. Akangotuluka, kuzizira kwa panja ndi kumupukuta kwa mzamba zimamudzidzimutsa, ndipo amakoka mpweya mwamphamvu kuposa mmene adzakokere masiku onse a ukhanda wake. Mpweyawo umakankha madzi otsala, timatumba timatseguka, mitsempha ya m'mapapo imamasuka, magazi n'kuyamba kuthamangira kumeneko. Njira zachidule zija zimatsekeka pang'onopang'ono. Kulira kumene amayi amakululutira kuli ndi ntchito yake: mwana akamalira amatulutsa mpweya pakhosi popanikizika, ndipo zimenezi zimasunga mpweya wina m'mapapo kuti asafwafwanizike.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mkati mwa kathumba kalikonse muli chinyezi, ndipo malo onyowa amakonda kumatirirana. Aliyense amene anatsukapo jumbo ya shuga akudziwa mmene mbali zake zimakakamirirana ikanyowa. Kuti timatumba tisamatirire choncho, mapapo amapanga timafuta totchedwa safakitanti, tomwe timayala pamwamba pa chinyezicho. Timafutati timayamba kupangidwa cha m'sabata ya 24, koma timakwanira cha m'sabata ya 34 kapena 35. Mwana wokhwima amavutika ndi kupuma koyamba kokha, kwinako kumapepuka chifukwa timatumba timakhala totseguka kale. Mwana wopanda safakitanti wokwanira, timatumba take timatsekeka nthawi iliyonse akatulutsa mpweya, ndiye amayenera kutitsegulanso ndi mphamvu zonse, kuposa ka 60 pa mphindi imodzi. Anapeza zimenezi ndi Mary Ellen Avery ndi Jere Mead ku Amerika mu 1959, koma mankhwala anachedwa. Mu 1963 mwana wa pulezidenti John Kennedy anabadwa kutatsala masabata asanu ndi theka, ndipo anamwalira ndi vutoli asanathe masiku awiri.

Titenge mwana wobadwa pa masabata 30, wolemera makilogalamu 1.3. Pobadwa walira ndithu, ngakhale motsitsa, ndipo abale asangalala. Ola lisanathe, namwino akuona kuti akupuma mofulumira, ka 70 pa mphindi. Mphuno zikututumuka. Akakoka mpweya, pansi pa nthiti ndi pachidale pakulowa mkati, chifukwa nthiti za mwana wotere n'zofewa: m'malo mokoka mapapo kuti atseguke, zimagonja n'kupindikira mkati. Akatulutsa mpweya akumveka ngati akubuula. Ambiri amayesa kuti mwana akungodandaula kapena akufuna bere, pamene iye akutseka pakhosi kuti mpweya wina utsalire m'mapapo. Kubuula kotere kwa mwana wakhanda n'kofunika kuthamanga nako kuchipatala, milomo isanayambe kuda.

Akazizidwa zinthu zimaipiraipira, poti kuzizira kumadya okosijeni wambiri ndiponso kumasokoneza kapangidwe ka safakitanti. Palinso vuto lina losakhudza mapapo: mbali ya ubongo yolamulira kupuma imakhala isanakhwime, ndiye mwana amatha kungosiya kupuma kwa masekondi 20 kapena kuposa. Pa vuto ili madokotala amapereka kafini, yemwe uja wa mu khofi, kapena aminofilini.

Kumupatsa okosijeni yekha mwana wathuyu kumathandiza pang'ono, chifukwa okosijeni salowa m'kathumba kotsekeka, ndipo akachuluka mopyola muyezo amawononga maso a ana obadwa masiku asanakwane. Chimene akusowa ndi chinthu choti chigwire timatumba tisatsekeke. Ntchito imeneyi amagwira ndi makina a sipapu, omwe George Gregory anayamba kuthandizira nawo ana otere ku Amerika mu 1971. Makinawa amakankhira mpweya m'mphuno mosalekeza kudzera m'timapaipi tiwiri, ndipo paipi ina imathera m'botolo la madzi. Ikamira masentimita 5, mpweya sungatuluke osakankha madziwo, choncho m'mapapo mumatsala mphamvu yofanana ndi kuya kwa madziko. Namwino akaona kuti madzi asiya kubwata, amadziwa kuti mpweya ukuthawira pena, mwina timapaipi tachoka m'mphuno, mwina mwana wayasamula kukamwa.

Makina a Pumani, amene akupezeka m'zipatala zambiri m'Malawi, anapangidwa ndi akatswiri a yunivesite ya Rice ku Amerika pamodzi ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pogwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'madzi owetera nsomba za m'nyumba. Kafukufuku wa pachipatalachi amene anatuluka mu 2014 anasonyeza kuti mwa ana 100 alionse obanika amene anaikidwa pa makinawa, 71 anapulumuka, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Makinawa sachiza mapapo, amangosunga mwana mpaka mapapo ayambe kupanga safakitanti okha. Nthawi zambiri vutoli limakula m'masiku awiri oyamba, n'kuyamba kuchepa cha tsiku lachitatu. Sapumiranso mwana amene wasiyiratu kupuma yekha. Safakitanti wochita kuthira m'mapapo aliko, ndipo Tetsuro Fujiwara wa ku Japan anasonyeza mu 1980 kuti amagwira ntchito, koma ndi wodula kwambiri.

Chithandizo chotsika mtengo chimabwera mwana asanabadwe. Graham Liggins wa ku New Zealand anazindikira kuti ana a nkhosa amene anapatsidwa mankhwala a siteroidi ali m'mimba ankabadwa msanga koma mapapo awo ali otseguka, ndipo mu 1972 iye ndi Ross Howie anatsimikiza kuti zimatero kwa anthunso. Lero mayi amene akuoneka kuti achira masabata 34 asanakwane amabayidwa deksamethazoni, mamiligalamu 6 maola 12 alionse mpaka kanayi, kuti mapapo a mwana akhwime msanga.

Jakisoniyu si wobaya mwachisawawa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2015, wochitika m'mayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Zambia, anapeza kuti pamene mankhwalawa ankaperekedwa m'zipatala zazing'ono popanda kudziwa bwino msinkhu wa mimba, amayi ambiri amene anabayidwa anadzachira masiku atakwana, ndipo imfa za ana zinakwera m'malo motsika. Kafukufuku wina wa Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse wa mu 2020, wochitikira m'zipatala zokhala ndi sikani, okosijeni ndi sipapu, anasonyeza kuti mankhwala omwewo akupulumutsa ana. Kusiyana kwakukulu kunali pa kudziwa masabata enieni a mimba, ndipo sikani imatchula masabatawo molondola mayi akaunikidwa mimba ili yaing'ono, makamaka masabata 24 asanakwane.