Makapu 8 a tiyi ndi tanthauzo lenileni la p

Mphunzitsi akaonetsa silaidi yolembedwa kuti p < 0.05, ophunzira ambiri amangokopera, kumutu nkusunga kuti “zatheka”. Funsani chomwe chatheka, mumva mayankho osiyana m'kalasi imodzi.

Nkhani ya tiyi imatithandiza pano. Ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi ku Mangalande, mayi wina wasayansi, Muriel Bristol, ankati akalawa tiyi amadziwa ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyiyo. Ronald Fisher anafotokoza m'buku lake la 1935 njira yoyesera mawu otere. Mayiyo apatsidwe makapu 8 osakanizidwa, auzidwe kuti 4 anayamba ndi mkaka, ndipo awaloze.

Tiyambe taganiza kuti mayiyo alibe lusolo, akungolota. Ganizo limeneli ndi lomwe pa silaidi amalemba kuti H0. Posankha makapu 4 mwa 8 pali njira 70, ndipo yolondola kotheratu ndi imodzi. Choncho wongolota ali ndi mwayi wa 1 mwa 70 wolasa onse, kapena kuti 0.014. Nambala imeneyi ndiye p: mwayi wopeza zotsatira zotere, kapena zoposa pamenepa, ngati H0 ili yoona.

Pa mawu akuti “ngati” m'pamene ambiri amaterereka. Amalemba kuti mwayi woti mayiyo amangolota ndi 0.014. Ayi ndithu. Powerengera tinayamba tavomera kale kuti akulota, ndiye nambala yotuluka pamenepo singatembenuke nkuyeza ganizo lomwe yaimapo. Odwala malungo ambiri amatentha thupi, koma funso lakuti mwa otentha thupi ndi angati ali ndi malungo ndi lina, ndipo yankho lake limadalira nyengo, dera ndi matenda ena omwe akuyenda. Ndimamva chisoni ndikaona wophunzira wakhama atawerengera bwinobwino, nkudzagwa pa chiganizo chomalizachi.

Nanga mayiyo akalasa makapu 3 okha? Njira zolasira atatu zilipo 16. Tiwonjezepo imodzi ija yolasa onse, poti p imawerenganso zoposa, zikhala 17 mwa 70, pafupifupi 0.24. Yadutsa 0.05, ndipo wina alemba msanga kuti “mayiyo alibe luso”. Kumenekonso nkulakwa. Munthu waluso ndithu, amene amangophonya mwa apo ndi apo, angathe kulasa atatu. Makapu 8 ndi ochepa kuti timusiyanitse ndi wolota. Zomwe tinganene nzakuti umboni sunakwane.

Malire a 0.05 nawonso ndi chizolowezi chabe chomwe Fisher anatchukitsa. Umboni wa 0.049 ndi wa 0.051 ndi wofanana mphamvu, ngakhale silaidi ipatse wina nyenyezi, wina nkumumana.

Inu ophunzira, mukaona p pa silaidi, musathamangire kukopera. Pezani kaye H0, muitchule m'mawu anuanu, kenako muwerenge nambalayo moyamba ndi mawu akuti “zikanakhala kuti H0 ndi yoona”.