Madzi a m'kapu ndi madzi a diripi sapita kumodzi

Munthu akaikidwa diripi, achibale ena amanong'onezana kuti, "Si madzi chabe awa? Bwanji osangomumwetsa?" Yankho lagona pa kumene madziwo amakakhala akalowa m'thupi.

Bambo wolemera makilogalamu 70 amakhala ndi madzi pafupifupi malita 42. Mwa amenewa, malita 28 ali m'kati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga mnofu, ubongo ndi ziwalo zonse. Malita 14 otsalawo ali kunja kwa maselo, ambiri m'mipata ya pakati pa selo ndi selo. A m'mitsempha ya magazi ndi malita atatu okha kapena kuposerapo pang'ono, koma ndi amene mtima umadalira popopa.

Madzi amalowa ndi kutuluka m'maselo mosavuta, ndipo amapita kumene mchere wachuluka. Sodiyamu, amene ali mu mchere wathu wapakhomo, maselo samusunga: akalowa amamutulutsa. Choncho funso n'lakuti, madzi alowawo abwera ndi mchere wotani?

Tinene kuti bamboyu wamwa lita imodzi ya madzi. Madziwo amasungunula mchere wa kunja kwa maselo, ndiye amayamba kulowa m'maselo mpaka mbali zonse zitafanana. Magawo awiri mwa atatu amathera m'maselo, ndipo m'mitsempha mumatsala mamililita pafupifupi 80 basi, osadzaza n'kapu yomwe. Posakhalitsa impso zimataya owonjezerawo pokodza.

Diripi ya mchere, imene achipatala amati selaini, ili ndi magalamu 9 a mchere pa lita, pafupifupi mofanana ndi madzi a m'magazi. Palibe chowakokera m'maselo, choncho lita yonse imakhala kunja. Pafupifupi kota imatsala m'mitsempha, yotsalayo imadzaza mipata ija. N'chifukwa chake wodwala kolera amene wafookeratu, mtima ukugunda mofulumira koma mosamveka bwino pamkono, amamuika diripi ya mchere: wataya madzi ndi mchere womwe, ndipo mitsempha ikufunika kudzazidwa msanga. Amene akutha kumwa amapatsidwa Thanzi ORS, yemwenso ali ndi mchere. Diripi ya shuga singagwire ntchito imeneyi, chifukwa thupi likagwiritsa ntchito shugayo, chotsala ndi madzi wamba amene amakathera m'maselo. Madzi okhaokha saikidwa mumtsempha, angaphulitse maselo ofiira a magazi.

Zonse ziwiri zikapitirira muyeso zimavulaza, koma mosiyana. Madzi akumwa akachuluka kuposa mmene impso zingatayire, maselo amatupa. Ubongo ulibe potupira m'chigaza, ndiye mutu umapweteka, munthu amasanza, amasokonezeka, mwinanso kukomoka. Selaini ikachuluka, makamaka kwa wodwala mtima kapena impso, mapazi ndi zikope zimatupa, ndipo madzi akafika m'mapapo munthu amayamba kubanika. Wodikirira wodwala akaona kupuma kwasintha diripi ikuyenda, aitane namwino nthawi yomweyo, asayese kusintha yekha kadonthedwe kake.