Beringi ya pachithunzi: kalata yofunsa mtengo imene sibweretsa katundu wolakwika

Mlamu wanga ali ndi chigayo kumudzi kwathu ku Dedza. Chaka china, anthu atangoyamba kukolola, chigayocho chinayamba kulira modabwitsa ndipo beringi ya mbali ya malamba inkatentha moti dzanja silikanakhalapo. Iye anatenga foni, anajambula beringiyo ili pamalo pake, n'kutumiza chithunzi kusitolo ina ya zipangizo mumzinda wa Lilongwe ndi mawu akuti: "Izi zilipo? Ndi zingati ziwiri?" Anamuyankha mtengo, anatumiza ndalama, katundu anabwera pa minibasi tsiku lomwelo. Patangotha masabata awiri chigayo chinaimanso, ndipo ulendo uno shafiti yomwe inali itadyeka.

Wogulitsa uja sananame, ndipo sindimuimba mlandu wonse. Anagulitsa chimene anachiona pachithunzi. Vuto linali lakuti chithunzicho sichinkaonetsa chinthu chimene mlamu ankafunikira kugula.

Pachithunzipo pankawerengeka bwino zilembo zakuti P208, zoumbidwa pachitsulo chakunja chimene chimamangidwa ndi mabawuti awiri. Koma P208 ndi dzina la chikhombe chokha, nyumba imene beringi imakhalamo. Beringi yeniyeni ili m'kati, ndipo nambala yake imalembedwa ting'onoting'ono m'mphepete mwake, pamene nthawi zambiri pamakhala patamatira girisi ndi fumbi la ufa. M'nyumba imodzimodziyo mumalowa maberingi osiyana. UC208 ili ndi bowo la mamilimita 40. UC208-24 ili ndi bowo la inchi imodzi ndi theka, omwe ndi mamilimita 38.1, chifukwa 24 ija ikuwerenga zigawo za inchi itagawidwa pa 16. Zonse ziwiri zikaikidwa patebulo, diso silingazisiyanitse, nanji kamera ya foni.

Shafiti ya chigayo cha mlamu inali ya mainchi. Iye analandira beringi ya mamilimita 40, imene inalowa mosavuta, iye n'kumayamikira kuti yakwana bwino. Koma inali yokhwepa ndi mamilimita pafupifupi 2. Atamanga tizomangira tiwiri timene timagwira shafiti, shafitiyo inakankhidwira mbali imodzi, n'kuyamba kuzungulira mopendama. Chizindikiro chinalipo kuyambira tsiku loyamba: makina ankanjenjemera kuposa kale ndipo mabawuti ankamasuka okha. Beringi yoyenera imalowa mothina pang'ono, ndipo ukaigwedeza usanamange siseweretsa.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti ntchito yolemba kalata yofunsa mtengo, imene amalonda amaitcha koteshoni, imayambira pamakina, pepala lisanagwiridwe n'komwe. Pukutani chitsulocho ndi kansalu konyowa parafini mpaka zilembo zioneke. Jambulani katatu: chithunzi china chionetse makina onse kuti wogulitsa adziwe kumene chipangizocho chimagwira ntchito, china chionetse chipangizocho chokha, ndipo chachitatu chikhale chapafupi penipeni pa nambala. Zilembo zodindidwa pachitsulo zimaoneka bwino kuwala kukamachokera cham'mbali. Mukayatsa kuwala kwa foni molunjika, chitsulo chimangonyezimira ndipo 8 amaoneka ngati 3. Kumbukiraninso kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi, choncho ndi bwino kuchitumiza kudzera pa Document kuti chifike monga chinajambulidwira.

Kenako yezani. Aliyense wowotcherera kapena wokonza njinga zamoto pamalo ochitira malonda akhoza kukhala ndi veniya, kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo. Yezani shafiti pamalo pamene sipanadyeke. Pali lamulo losavuta lokuthandizani kutsimikiza: pa maberingi ambiri a mamilimita, manambala awiri omalizira, kuyambira 04 kupita m'mwamba, mukawachulukitsa ndi 5 amakupatsani kukula kwa bowo. Ndiye kuti 08 ndi mamilimita 40. Veniya ikanena 38.1 pamene nambala ikunena 40, imani kaye, pali chimene simunawerenge.

Ulendo wachiwiri tinakhala pansi ndi mlamu n'kulemba kalata. Pamwamba tinaika keyala ya chigayo, nambala ya foni ndi tsiku, kenako keyala ya sitolo. Thupi lake linali ili:

Kwa Oyang'anira Zamalonda,

KUPEMPHA KOTESHONI YA MABERINGI NDI MALAMBA A CHIGAYO

Ndikupempha kuti munditumizire koteshoni ya katundu uyu. Choyamba, maberingi a UCP208-24, athunthu ndi nyumba zake, okwana 2. Shafiti yathu tayeza ndipo ndi ya mamilimita 38.1. Chachiwiri, malamba a B72 okwana 3, onse akhale a kampani imodzi komanso ofanana kutalika, chifukwa amayenda pamodzi.

Ndatumiza zithunzi 3. Chithunzi 1 ndi chigayo chonse, chithunzi 2 ndi beringi ili pamalo pake, chithunzi 3 ndi nambala ya beringiyo. Ngati mukuona kuti nambala imene ndalemba ikusiyana ndi zimene zili pazithunzi, chonde mundiuze musanalembe mtengo.

Pakoteshoniyo mulembe dzina la kampani yopanga katunduyo, mtengo wa chimodzi ndi mtengo wa zonse, ndipo muonetse ngati msonkho wa VAT uli momwemo. Mundiuzenso ngati katunduyu alipo panopa, masiku amene mtengowu ukhale osasintha, ndi njira yolipirira. Katunduyu tidzabwera kudzatenga tokha. Ngati mulibe wa nambala imeneyi koma muli ndi wina wolowa m'malo mwake, mumulembe padera ndi nambala yake. Ndingakondwe kulandira yankho lanu lisanafike Lachisanu.

Ine wanu,
Mwini chigayo

Makampani ambiri amalemberana makalata otere m'Chingerezi, ndipo ngati mukulembera kunja kwa dziko mudzafunika kutero. Koma mafupa a kalatayo ndi omwewa, ndipo nambala ya chipangizo simasuliridwa: imakopedwa chilembo ndi chilembo, kamzere kapakati kaja osakasiya.

Chiganizo chimene ndimachiona chofunika koposa m'kalatamo ndi chija chopempha wogulitsa kuti anene ngati nambala ndi chithunzi zikutsutsana. Munthu wogulitsa maberingi tsiku ndi tsiku amadziwa zinthu zimene mwini chigayo sadziwa, koma akafunsidwa mtengo wokha amayankha mtengo wokha. Mukamupatsa nambala, muyeso ndi chithunzi, mwamupatsa mboni zitatu, ndipo imodzi ikalakwa ziwiri zinazo zimaiulula. Mawu akuti "monga chili pachithunzipa" akakhala okha amasiya chisankho chonse m'manja mwa munthu amene sanaonepo makina anu.

Nkhani ya kuchuluka kwa katundu imaoneka yophweka, koma imagwetsa ambiri. Pa uthenga woyamba uja mlamu anangoti "ziwiri". Ziwiri chiyani? Wina akanatha kumutumizira maberingi a m'kati okha opanda nyumba, wina nyumba zokha. Mawu akuti "athunthu ndi nyumba zake" amatseka mpata umenewo, monganso zilembo za UCP zimatanthauza beringi ya UC ili kale m'nyumba ya P. Katundu wina amagulitsidwa pa peya, wina pa bokosi, wina pa mita, choncho nambala iliyonse izitsatana ndi dzina la chimene mukuwerenga. Malamba aja tinapempha onse 3 ngakhale kuti loduka linali limodzi. Lamba latsopano likaikidwa pakati pa akale otambasuka, limanyamula lokha katundu yense n'kutha msanga. Chilembo B nacho chili ndi ntchito: lamba la B ndi lotambalala mamilimita 17 pamwamba pake pamene la A ndi 13, ndipo pachithunzi onsewo amangooneka akuda mofanana.

Tinapemphanso dzina la kampani yopanga chifukwa nambala ya UCP208-24 imapangidwa ndi makampani ambiri. Pali odziwika monga NTN ndi FYH a ku Japan, palinso ena amene bokosi lawo lilibe ngakhale keyala. Mukafunsa masitolo atatu n'kupeza kuti ina ikutchula mtengo wotsika kwambiri, musathamangire kusangalala musanaone dzinali, chifukwa mwina simukuyerekezera katundu wofanana. Ndipo kalata yopita kumasitolo atatuwo ikhale imodzimodzi, apo ayi mayankho ake simungawaike pambali n'kuwasiyanitsa.

Za masiku amene mtengo ukhale osasintha, amalonda a kuno safunika kuwafotokozera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha nthawi yomweyo. Zipangizo za makina pafupifupi zonse zimachokera kunja. Koteshoni yopanda tsiku lothera imakupatsani chiyembekezo chabe. Mukafika ndi ndalama patapita mwezi, wogulitsa angathe kukuuzani mtengo wina ndipo mulibe pogwira.

Amene akuitanitsa kunja awonjezere funso limodzi: mtengowu ukufikitsa katundu pati? Pakoteshoni zakunja pamalembedwa zilembo zitatu zosonyeza zimenezi. EXW ikutanthauza kuti katundu mukamutengera pakhomo pa wogulitsa, zonse zam'njira n'zanu. CIF Beira ikutanthauza kuti walipiriridwa mpaka padoko la Beira ku Mozambique basi. Kumukweza pagalimoto, kumudutsitsa pachipata cha Mwanza kapena Dedza ndi kulipira msonkho ku MRA zikadali pamutu panu.

Yankho likabwera, musayambe ndi mtengo. Yambani ndi nambala, muiwerenge chilembo ndi chilembo poyerekeza ndi kalata yanu. Mwa masitolo atatu amene tinawalembera, imodzi inalemba UCP208 yokha, 24 ija itagwa. Tinaimba foni, ndipo anavomera kuti ya mainchi analibe, ankaganiza kuti n'chimodzimodzi. Ina inalemba nambala yonse, dzina la kampani, VAT payokha, ndi masiku 7. Kumeneko n'kumene mlamu anakagula, atanyamula beringi yakale m'thumba ndi veniya yobwereka, ndipo anayeza bowo pakauntala asanapereke ndalama.

Koteshoni siikumangani kuti mugule, ndipo kuipempha sikulipiritsidwa m'masitolo ambiri. Choncho inu amene makina anu aima lero, kaya ndi chigayo, pampu yothirira kapena jenereta, musatumize chithunzi chokha. Pukutani chitsulocho, pezani nambala ya m'kati, yezani, ndipo zonsezo mulembe m'kalata.